Mfumukazi ya Malupanga ku Down Shops

Makhadi a taroti, aja oombezera ula, anandisiyira msuweni wanga wa ku Lusaka, onse 78, n'kundiphunzitsa usiku umodzi wokha. Usiku umodzi ndi wokwanira kuti munthu adzione ngati sing'anga.

Ndimagwira ntchito mu shopu ya feteleza ndi mbewu ku Down Shops kuno ku Chipata. Abwana athu ndi amayi oti ukachedwa mphindi zisanu amayang'ana wotchi, osati iwe. Mu Novembala, alimi ali piringupiringu, anayamba kudziwa chilichonse chimene tinkanong'onezana m'sitolo yakuseri. Ndinati pano pali kazitape.

Madzulo ndinayala chitenje pamphasa n'kusakaniza makhadi. Ndinasankha kuyala atatu: loyamba gwero la vuto, lachiwiri zimene zikuchitika tsopano, lachitatu njira yotulukira. Onse atatu anatuluka a kubwalo la mfumu. Makhadi amenewa alipo 16 okha. Mitundu ndi inayi, Ndodo, Zikho, Malupanga ndi Ndalama, ndipo mtundu uliwonse uli ndi Mthenga, Wapakavalo, Mfumukazi ndi Mfumu. Anga anali Mthenga wa Malupanga wozondoka, Wapakavalo wa Malupanga, ndi Mfumukazi ya Malupanga. Malupanga amanena za mawu, nzeru ndi mikangano, ndiye ndinangoti eya, shopu yathu imeneyo.

Khadi lotere limawerengedwa m'njira zitatu: ngati munthu weniweni, ngati mtima umene wavala wofunsayo, kapena ngati msinkhu umene wafikapo pa nkhaniyo. Ine ndinangogwira yoyamba, chifukwa ndiyo yokoma. Kabuku kam'bokosi kankati uzindikire munthu poona tsitsi, a Ndodo loyera, a Ndalama lakuda bii. Ndi lamulo limenelo Chipata yonse, kuyambira ku Kapata mpaka ku Mwami, ndife a Ndalama, chinthu chimene thumba langa likukana. Ndinatsata msinkhu wa anthu a m'shopu basi.

Mthenga ndi mnyamata waima pachitunda, lupanga m'manja, nkhope yacheukira kumbali ngati wamva kanthu. Akazondoka amatanthauza miseche ndi kutchera khutu pazitseko. Nanga tinalibe kamnyamata katsopano kosenza matumba? Wapakavalo, amene akuthamanga mitengo ikuwerama ndi mphepo, ndinam'patsa dalaivala. Mfumukazi sindinafunse n'komwe: yakhala pampando chammbali, lupanga chilili kudzanja lamanja, lamanzere latambasuka ngati ikuti bweretsa risiti.

M'mawa mwake ndinam'panikiza mnyamatayo kuseri kwa matumba a yuriya. "Iwe, ndakudziwa. Ndiwe umapita nazo kwa mayi wa lupanga uja. Ukamuuzenso kuti ndati wotchi yake idzam'lira pamaliro." Ndinasolola khadi m'thumba la malaya kuti aone umboni, koma m'malo mwa Mthenga munatuluka Mfumukazi, n'kugwa pasimenti.

Kuseri kwa mulu wa matumba kunamveka kukhosomola. Amayi anali pamenepo ndi kope lawo, akuwerenga katundu, monga ankachitira m'mawa uliwonse. Kazitape panalibe. Mawu anga ndi amene amamveka mpaka kumsewu.

Masana ndinaimbira msuweni ndili kuseri kwa chimbudzi. Anaseka mpaka mayunitsi anga anatsala pang'ono kutha. "Msuweni, unasankha usanayale kuti akatuluka a kubwalo uwatenga ngati anthu kapena ngati mtima?" Ndinati ayi. Iye anati cholakwa choyamba n'chimenecho, chifukwa ukasankha utaona kale khadi umangolipachika pa amene wakukwiyitsa. Chachiwiri, malo a khadi amakuuza. Malo achitatu ndinawatcha ndekha njira yotulukira, ndiye Mfumukaziyo sikanakhala mdani. Ndi khalidwe loti ndivale: kulankhula zoona mwachidule, pamaso pa mwini wake. Chachitatu ndi chimene chinandiwawa. Makhadi atatu a mtundu umodzi, ondondozana kuchoka pa Mthenga kufika pa Mfumukazi, kawirikawiri si anthu atatu koma munthu mmodzi akukula. Mthenga wamiseche ndinali ine. Wapakavalo wothamanga osayang'ana kuseri kwa matumba ndinalinso ine. Akanatuluka, tinene, Mfumu ya Ndalama yokha pamalo a gwero, pamenepo ndikanatha kuganizira mwini shopu.

Poweruka amayi anandiitana. Khadi lija linali patebulo, kwa iwo lili chilili, kwa ine lozondoka, ndipo Mfumukazi yozondoka ndi ya lilime loluma.

"Ameneyu ndine?"

"Ayi amayi, akuti ndine, ndikadzakula."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Kenako anatsegula kabati, naponyamo khadilo pamodzi ndi ziphaso za ngongole.

"Mukadzakula mudzalitenge. Mawa hafu sikisi, matumba 200 akubwera, ndipo mnyamata uja ndam'patsa tchuthi."