Kanyama ka pantchafu kamene tinakawerenga pa maikulosikopu

Ine ndi mnzanga wina tinkaphunzira limodzi sayansi ya masewero, koma pabwalo tinali anthu awiri osiyana kotheratu. Iye ankathamanga mamita 100 ndi 200, ntchafu zake ngati mitondo. Ine ndinkathamanga makilomita 10, miyendo yanga ngati ya kakowa. Chakudya tinkadya chimodzimodzi, ndipo chaka china ndinayesa kunyamula naye zitsulo miyezi ingapo, koma thupi langa linakana kufufuma. Aphunzitsi atafuna anthu odzipereka kuti achotsedwe kachidutswa ka mnofu koti kalasi iphunzirirepo, tonse awiri tinalembetsa. Ine ndinkafuna kuona ndi maso chimene chinali m'kati mwa miyendo iwiriyi.

Asanatigwire anatifunsa ngati timamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, ngati bala limachedwa kusiya kutuluka magazi, komanso ngati mankhwala ochititsa dzanzi anatipwetekapo. Anatiuzanso kuti tisachite masewero olemetsa kwa masiku awiri, chifukwa mnofu wotupa ndi wong'ambikang'ambika suoneka bwino pagalasi la maikulosikopu.

Malo amene amatengapo ndi kumbali yakunja kwa ntchafu, chapakati pa bondo ndi chiuno, chifukwa mnofu wa pamenepo ndi wochindikala ndipo uli kutali ndi mitsempha ikuluikulu. Dokotala anameta, kupukuta, n'kubaya jakisoni wa dzanzi pakhungu ndi pa kachikopa kolimba kamene kamakuta mnofu. Kenako anacheka kabala kosakwana sentimita imodzi n'kulowetsa singano yonenepa ngati pensulo. Singanoyi ili ndi kazenera m'mbali ndi kampeni m'kati, ndipo imatchedwa dzina la Jonas Bergström wa ku Sweden, amene anaifotokoza mu 1962. "Musalimbitse mwendo, ulekeni ugone," anatero dokotala. Kunena n'kosavuta. Ululu wakuthwa sindinaumve, koma ndinamva ngati munthu wakanikiza chala chachikulu m'kati mwenimweni mwa ntchafu, mnofu n'kudumpha wokha kamodzi. Chimene chinatuluka chinali kanyama kofiira ngati njere ziwiri kapena zitatu za mpunga. Anamata bala, kumanga bandeji yothina, basi.

Ntchito yeniyeni inayamba pamenepo, ndipo m'pamene tinapunthwa. Kanyamako amakaimika kuti timaulusi take tonse tiloze mbali imodzi, n'kukaumitsa msangamsanga m'madzi a mankhwala oziziritsidwa ndi nayitirojeni wamadzi. Kakauma pang'onopang'ono, madzi a m'kati mwa ulusi amapanga timiyala ta ayezi timene timaboola ulusiwo. Kachidutswa kanga koyamba kanachita zimenezo, chifukwa amene ankaumitsa anakaviika mankhwala asanazizire mokwanira. Pa maikulosikopu ulusi uliwonse unali ndi timabowo toyera ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete. Mwayi wake kanyamako anali atakagawa pawiri, apo ayi ndikanabayidwanso.

Kachidutswa kabwinoko tinakadula ndi makina ozizira madigiri 20 pansi pa ziro, tizigawo topyapyala kwambiri moti 100 tosanjikiza timangokwana milimita imodzi. Kudulako kuyenera kukhala kopingasa, monga mmene timadulira nzimbe. Mukadula mopendekeka, ulusi umaoneka wotalika ngati dzira m'malo mwa timabwalo ta ngodyangodya, ndipo mukayeza kukula kwake mumapeza nambala yonama.

Ulusi wa mnofu sufanana wonse, ndipo amene anadyapo nkhuku amadziwa kale zimenezi. Nyama ya pachifuwa ndi yoyera, ya pantchafu ndi yakuda. Nkhuku imayenda tsiku lonse koma imauluka kamphindi chabe ikadzidzimuka, choncho miyendo yake ili ndi ulusi wopirira, pachifuwa pali ulusi wophulika kamodzi n'kutopa. Nkhunda, imene imauluka mtunda wautali, chifuwa chake n'chakuda. Mwa munthu mitundu iwiriyi ndi yosakanikirana mu mnofu umodzi, n'chifukwa chake pamafunika utoto kuti tiisiyanitse. Tinaviika tizigawo tathu m'madzi a asidi a pH 4.3 tisanapake utoto. Asidiyo amafooketsa puloteni imene imakoka mu ulusi wothamanga, wophulika kamodzi n'kutopa uja, koma ya mu ulusi wopirira saigonjetsa. Ndiye utoto ukalowa, ulusi wopirira, umene amautcha mtundu woyamba, umada bii, pamene wothamanga, mtundu wachiwiri, umatsala wotuwa.

Sindidzaiwala pamene tinaika magalasi awiriwo moyandikana. Langa linali lakuda ndi madontho otuwa apa ndi apo. La mnzanga linali lotuwa, timaulusi takuda tikuoneka ngati tapanikizidwa pakati pa zikuluzikulu. Iye anangoti, "Aise, n'chifukwa chake umandisiya tikangodutsa raundi yachiwiri."

Tinawerenga umodziumodzi, kuika kadontho pa uliwonse pachithunzi kuti tisabwereze. Pagalasi langa panali timaulusi 312, takuda 206, kutanthauza 66 pa 100 alionse opirira. Pa la mnzanga panali 287, takuda 106, kutanthauza 37 opirira ndi 63 othamanga. Munthu wamba amene sachita masewero amakhala chapakati, theka uku theka uku. Akatswiri enieni amapitirira ife: David Costill ndi anzake ku America mu 1976 anapeza kuti akatswiri a mtunda wautali anali ndi ulusi wopirira pafupifupi 79 pa 100 mu mnofu wa katumba, pamene othamanga mtunda waufupi anali ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Kuwerenga mitu kokha kunabisa kanthu kena, ndipo aphunzitsi anatibweza kuti tikayeze kukula. Pa ine, ulusi wakuda ndi wotuwa unali wofanana kukula, wonse wowonda. Pa mnzanga, ulusi wothamanga unali waukulu ka 1.3 kuyerekeza ndi wopirira. Mukachulukitsa 63 ndi 1.3 mumapeza pafupifupi 82, ndipo 82 pa 119 (ndiye 82 kuphatikiza 37) ndi 69 pa 100. Choncho malo amene ulusi wothamanga unatenga mu mnofu wake anali ochuluka kuposa mmene chiwerengero chinkanenera. Apa m'pamene funso langa la zitsulo linayankhidwa. Ulusi wothamanga ndi umene umanenepa kwambiri ukamalemetsedwa. Iye anali nawo wambiri woti unenepe, ine ndinali nawo wochepa, komanso makilomita amene ndinkathamanga mlungu uliwonse ankalimbana ndi kunenepako.

Poyamba ndinkaona kuwonda kwa ulusi wanga ngati chilema, mpaka tinapaka utoto wina woonetsa timitsempha ta magazi. Ulusi wanga uliwonse unali wozunguliridwa ndi timitsempha tambiri. Okosijeni amachoka m'timitsemphati n'kusefukira m'kati mwa ulusi kukafika ku maitokondiriya, tinthu timene timawotcha shuga ndi mafuta kuti mphamvu ipezeke. Ulusi ukanenepa kwambiri, ulendo wa okosijeni kukafika pakati umatalika. Wothamanga maola awiri amafuna ulusi wowonda, wodzaza maitokondiriya ndi mayogulobini, puloteni yofiira yosunga okosijeni imene imadetsa ntchafu ya nkhuku ija. Wothamanga mamita 100 alibe nthawi yodikira okosijeni. Phazi lake limagunda pansi kwa nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, ndipo mphamvu yonse iyenera kutuluka m'kanthawi kameneko. Amadalira nkhokwe ya mphamvu imene ili kale mu ulusi, imene imatha m'masekondi ngati khumi, komanso kuphwanya shuga popanda okosijeni. Kwa iye ulusi wonenepa ndi phindu lokhalokha, popeza mphamvu ya mnofu imakula ndi kuchindikala kwake.

Taonani anthu awiri amene onse anaswa mbiri ya dziko mumzinda wa Berlin. Usain Bolt, wamtali mamita 1.95, wolemera makilogalamu ngati 94, anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 mu 2009. Eliud Kipchoge, wamtali mamita 1.67, wolemera ngati makilogalamu 52, anathamanga malathoni m'maola 2:01:09 mu 2022. Bolt ananyamula thupi lakelo poponda pansi ka 41 kokha. Kipchoge ananyamula lake makilomita 42, ndipo pa mtunda wotere kilogalamu iliyonse imadya okosijeni, makamaka ikakhala kumunsi kwa mwendo kumene imaponyedwa kutsogolo ndi kumbuyo phazi lililonse. Palinso kutentha. Mnofu wogwira ntchito umatulutsa kutentha kwambiri, ndipo thupi laling'ono lowonda limakutaya msanga kuposa lalikulu. Pa masekondi khumi nkhani ya kutentha siyamba n'komwe, koma pa maola awiri ikhoza kumuimitsa munthu.

Funso limene tinakangana nalo usiku wonse linali lakuti, kodi tinabadwa choncho kapena tinadzipanga? Galasi silingayankhe, chifukwa limaonetsa za tsiku limenelo zokha. Chodziwika n'chakuti ulusi wothamanga uli ndi magulu awiri: wina wothamanga koma wopirirako, wina wothamangitsitsa wotopa msanga. Kusintha pakati pa awiriwa n'kosavuta, ndipo chodabwitsa n'chakuti pafupifupi maphunziro alionse olimbitsa thupi, ngakhale kunyamula zitsulo, amachepetsa wothamangitsitsa uja n'kuusandutsa wopirirako. N'chifukwa chake anthu anadabwa mu 2015 pamene Scott Trappe ndi anzake analemba za katswiri wina wakale wa dziko lonse wa mpikisano wodumpha zotchinga, amene 24 pa 100 ya ulusi wake inali ya gulu lothamangitsitsali, pamene anthu ambiri ali nalo lochepa zedi. Koma kusandutsa wopirira kukhala wothamanga, kapena wothamanga kukhala wopirira, kumachedwa ndipo kumachitika pang'ono. Chibadwa chili ndi gawo lalikulu, zaka za maphunziro zili ndi lake, ndipo ana ambiri amasankha mpikisano umene ankapambana kale ali aang'ono.

Nambala yanga ya 66 sindiikhulupirira kwambiri, ndipo chifukwa chake ndinachiona ndekha. Nditagawa chithunzi changa pakati n'kuwerenga mbali iliyonse payokha, kumtunda kunatuluka 71, kumunsi 60. Kanyama kamodzi komweko. Mnofu wa ntchafu uli ndi timaulusi mazanamazana a masauzande, ife tinawerenga 300, ndipo kuya kumene singano yafika kumasinthanso zotsatira. Kusiyana kwa ine ndi mnzanga, 66 ndi 37, kunali kwakukulu moti sikungakhale ngozi. Koma anzathu ena awiri anapeza 52 ndi 57 n'kuyamba kutsutsana za amene ayenera kuthamanga mamita 800, ndipo aphunzitsi anawauza kuti wotchi ya pabwalo ingawaweruze bwino kuposa galasilo.

Mwendo unauma masiku atatu, makamaka potsika masitepe, ngati wagundidwa ndi bondo pa mpira. Anatiuza kuti bala likafiira, kutentha kapena kutuluka mafinya, kapena ntchafu ikatupa n'kulimba, tibwerere msanga. Langa linapola bwinobwino. Tsiku lachinayi ndinathamanga makilomita asanu pang'onopang'ono, pamene mnzanga anadikira mlungu wathunthu asanayambenso kuphulika pa mabuloko opondapo poyamba mpikisano, poopa kuti bala lingatseguke.