Foni yanga inatchajidwa pa bowo lomwe ndinati kulibe

Popeza ena mwa inu mwayamba kale kundiitana kuti "a Chonga", ndipo wina wafika pojambula chizindikiro chochonga pa kapu yanga ya ku ofesi, bola ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanamere nyanga.

Inde, foni inandizimira pakati pa msonkhano. Koma tchati choyerekeza nyale ya sola imene timagulitsa ndi ya kampani yopikisana nafe chinali kale m'manja mwa mayi amene tinkafuna kuti atigule, chosindikiza bwinobwino. Mizere khumi ndi iwiri. Mbali yathu ndinachonga kuyambira pamwamba mpaka pansi, mbali yawo ndinathetha ngati mphunzitsi amene wadzuka ndi dzino lowawa. Pa mzere wachisanu panalembedwa kuti "Potchajira foni": ife chonga, iwo thetha.

Mayiwo anaona ndikulimbana ndi foni yakufayo. "Musavutike, achimwene," anatero. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa nyale ya kampani inayo. Anaitembenuza, anatsegula kachivundikiro ka labala, ndipo bowo la USB linali pomwepo, likundiyang'ana. Analumikiza foni yanga, n'kuiika pamwamba penipeni pa mzere wachisanu.

Abale, foni siichedwa kuyaka ngati tsiku limenelo. Tonse chete, maso pa foni. Kenako inanjenjemera, n'kuimba kanyimbo kake koyakira, mokondwa, ngati mwana amene wadyetsedwa kwa mdani wa bambo ake. 1%. Bwana wanga anayamba kuwerenga mitanda ya denga. 2%. Ine ndinafuna kuizula, koma ukazula ndiye kuti wavomereza kuti bowolo lilipo. 3%. Foni imene ndaisamala zaka zitatu, kuigulira chikwama, kuipukuta ndi malaya anga, inali kuyamwa moto kwa opikisana nafe osachita nako manyazi. Pa 4% inalandira uthenga n'kulira kachiwiri, kuti aliyense adziwe kuti ili bwino.

Tsono pondiweruza muzikumbukira ichi: sindinaname. Kabuku kawo kamene ndinagwiritsa ntchito sikanatchule za USB. Vuto n'lakuti kanali ka mtundu wakale, umene anasiya kupanga, komanso "sanalembe" ine ndinakumva ngati "palibe". Ndani mwa inu sanachitepo?

Foni ikudya, mayiwo anatenga cholembera n'kupita pa mzere wa batire, umene ndinkaunyadira kwambiri: ife 10,000 mAh, iwo 6,000 mAh. Anandifunsa kuti mabatirewo ndi a mavoti angati. Ndinayankha kuti ndi amphamvu. Anatembenuza nyale zonse ziwiri n'kuwerenga pa chizindikiro: yathu 3.7 V, yawo 7.4 V, chifukwa yawo ili ndi maselo awiri olumikizidwa motsatizana. Nambala ya mAh payokha siikuuza mphamvu yosungidwa ngati mavoti akusiyana. Umachulukitsa mAh ndi mavoti n'kugawa ndi 1,000 kuti upeze Wh, muyeso wa mphamvu yosungidwayo. Yathu inatuluka 37 Wh. Yawo 44.4 Wh. Ndiye kuti mzere umene ndinaulemba ndi zilembo zonenepa unali kutsatsa malonda a anthu ena, ine wolipira inki.

Sanagule tsiku limenelo. Anangoti, "Mukakonze, mubwere nacho choti ine ndingathe kutsimikiza ndekha." Foni ndinaitenga ili pa 11%.

Kukonzako kunanditengera masiku atatu, ndipo tsiku loyamba lonse linathera pa mzere wa maola oyaka. Ndinali nditalemba kuti yathu imayaka maola 36, yawo maola 10. Manambala onse awiri anali oona, ndipo apa ndikufuna mundimvere chisoni pang'ono. Athu anayezedwa nyale ili pa kuwala kotsikitsitsa, kuja kongokuthandiza kuti usagunde mpando. Awo anayezedwa ili pa kuwala kokwera kwambiri. Ndinagula nyale yawo ndi ndalama za ofesi, bwana akusayina ngati akusayinira maliro, ndipo ndinayatsa ziwirizo limodzi, zodzaza, pa kuwala kwa malumeni 400 monga mwa mabuku ake. Yathu inazima patatha maola 8 ndi theka. Yawo inapitirira mpaka maola 10, ikundiunikira pamene ndinkalemba kugonja kwanga. Mu tchati chatsopano mzerewo umanena kuwala kwake, maola ake, ndi tsiku limene ndinayeza.

Mzere wa "Siilowa madzi" nawo unagwa. Yathu ndi IP54, yawo IP65. Nambala yoyamba imanena za fumbi, yachiwiri za madzi: 4 ndi madzi ongowaza, 5 ndi madzi opopera ndi paipi. Palibe mwa ziwirizi yoti n'kuimiza mu ndowa. Ndinachotsa chonga ndi thetha n'kulemba manambalawo, ndi tanthauzo lake m'mawu ochepa. Ndinazindikira kuti chonga amabisa zambiri: sanena kuti zochuluka bwanji, poyeza motani. Pamene nambala inalipo, ndinaika nambala. Pamene panafunikadi yankho lalifupi, mayankho anakhala atatu: "chilipo", "palibe", ndi "sanalembe". Yankho lachitatulo likanakhalapo kale, bwenzi foni yanga isanandipereke.

Panalinso mzere wakuti "Amakonda makasitomala awo". Ife chonga, iwo thetha. Musandifunse. Unali usiku, ndipo ndinkafuna mizere ikwane khumi ndi iwiri. Ndinaufufuta pamodzi ndi ina itatu yosayezeka ngati umenewo. Pamwamba pa mbali iliyonse ndinalemba nambala yeniyeni ya mtundu wa nyale, ndipo pansi pa kabokosi kalikonse, ndi zilembo zazing'ono, kumene nambalayo yachokera: tsamba la kabuku, chizindikiro cha pa nyale, kapena kuyeza kwanga.

Itatsala mizere isanu ndi itatu, bwana anaiwerenga n'kuti, "Ndiye tikugulitsa zathu kapena zawo?" Tinagonja pa itatu: batire, maola, madzi. Tinafanana pa iwiri, kuphatikizapo bowo lotchuka lija. Koma itatu yotsalayo inali yathu, ndipo inali yoti munthu angaigwire ndi manja. Batire yathu imasinthidwa pomasula masikuluwu anayi, yawo ndi yomata, ikafa nyale yonse yafa. Chitsimikizo chathu ndi cha miyezi 24, chawo 12. Yathu ndi yopepuka, ndipo ndinaziika zonse pa sikelo imodzi. Mizere itatuyi ndinaiika pamwamba, osati mwachinyengo ayi, koma chifukwa mayiwo akugulira antchito ambiri oyenda nazo tsiku ndi tsiku, ndipo funso lawo loyamba pa msonkhano uja linali lakuti nyale ikafa chimachitika n'chiyani. Ine nthawi imeneyo ndinali kuyang'ana foni. Pamutu ndinalembapo ziganizo ziwiri: wofuna kuwala kwambiri usiku wonse panja pa mvula, yawo imuyenera, wofuna nyale yoti batire ikatha asinthe batire yokha, atenge yathu. Bwana anafuna kufufuta chiganizo choyambacho. Ndinawauza kuti mayiwo ali nayo kale nyaleyo m'chikwama, ndipo amadziwa kuitembenuza.

Ndinapita nacho Lachinayi. Anachiwerenga ndi cholembera chomwe chija, anamasula masikuluwu anayiwo okha, anapeza kuti pa chitsimikizo ndalemba tsamba 6 m'malo mwa 9, n'kunena kuti andiimbira.

Sanaimbebe. Komanso chingwe chawo chotchajira ndinabwera nacho mwangozi tsiku loyamba lija, ndipo sindikudziwa kuti ndiyambire pati.