Mafunso a kumvetsa nkhani popanda nkhani yake

Pa gulu lathu lokonzekera mayeso a MSCE kuno ku Ndirande timadalira mapepala a fotokope oyeserera. Ena amafika osakwanira, moti tsiku lina tinapeza tsamba la mafunso a kumvetsa nkhani lilipo, koma la nkhaniyo palibe. Mnzathu wina anati tingoyankha, poti mafunsowo ankaoneka ophweka.

Funso loyamba linali lakuti: n'chifukwa chiyani mlimiyo anagulitsa chimanga chake atangokolola? Mayankho anabwera ambirimbiri. Wina anati ankafuna fizi ya ana, wina anati ngongole ya feteleza, wina anati mavenda anamunyengerera. Zonsezi zimachitikadi, ndipo aliyense wa ife ali ndi m'bale kumudzi amene zinam'chitikirapo. Tsamba losowalo litapezeka, ndime yachiwiri inkanena kuti chaka chapitacho anankafumbwe anamuonongera chimanga chonse, ndipo chaka chimenechi analibe ndalama ya mankhwala othira m'matumba. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analondola.

Vuto lake ndi lakuti funso silikunena za alimi onse a m'Malawi. Likunena za mlimi mmodzi amene amapezeka m'ndime zimenezo zokha. Wochonga ali ndi yankho lotengedwa m'nkhaniyo, ndiye ngakhale ulembe zoona zokhazokha za moyo wa kumudzi, malikisi supeza. Ndaona kuti mutu ukakhala wodziwika, ngati ulimi kapena kudula mitengo, m'pamene anthu amagwa kwambiri, chifukwa amayankha za m'mutu nkhani ili pamaso pawo.

Mafunso ena sitinayese n'komwe. Lina linkafunsa kuti mawu akuti "iwo" m'ndime yachitatu akuimira ndani. Ungalote bwanji? Angakhale mavenda, alangizi, ngakhale ana ake. Umayenera kubwerera chiganizo chimodzi kapena ziwiri m'mbuyo, kupeza dzina logwirizana nawo, n'kuliika pamalo pa mawuwo kuti uone ngati chiganizo chikumveka.

Amene amanyenga ndi mafunso omwe amayamba ndi mawu akuti "mukuganiza kuti". Linalipo lakuti, mukuganiza kuti mlimiyo ankamva bwanji pogulitsa? Limaoneka ngati lakumasula kuti unene maganizo ako, koma ayi. Nkhaniyo sinanene kuti anadandaula. Inangoti anawerenga ndalamazo kawiri n'kuchoka osatsanzika. Yankho limachokera pamenepo, ndipo wonena kuti anasangalala alibe pogwira.

Pano tili ndi lamulo pa gulu: ukapereka yankho, uloze ndi chala mzere umene walitenga. Ngati chala chikungoyendayenda patsamba, yankholo lachokera kwina. Ukaupeza mzerewo, m'pamene umalemba m'mawu akoako ngati funso latero, osasintha mfundo. Mapepala opanda nkhani timangowaika pambali mpaka wina abweretse tsamba losowalo.