Masekondi 30 a amalume

Lachiwiri, pa 13 Meyi

Amalume andiimbira 6 koloko isanakwane. Akuti nthawi ya pa wailesi alipira kale, masekondi 30, kuyamba kumveka Lolemba likubwerali, ndiye mawu ake ajambulidwe lero chifukwa mawa ndi holide ya tsiku la Kamuzu ndipo mnyamata wa situdiyo akupita kumudzi. "Iwe unapita kusukulu, bwera udzangokonza pang'ono Chichewa chake." Mawu oti pang'onowo ndinawakhulupirira.

Amalume ndi mmisiri wowotcherera ku Ndirande. Chaka chino atenga malo ku chionetsero cha zamalonda cha ku Chichiri, chija amakonza a bungwe la amalonda la MCCCI, kuti akaonetse makina otongolera chimanga opukusa ndi manja. Nthawi yake ndi yabwino, anthu angokolola kumene, chimanga chili mbwee pakhomo. Ndinawapeza atalemba kale kuseri kwa kalendala yakale:

"Makasitomala athu okondedwa m'Malawi muno, ife amisiri odziwa bwino ntchito amene takhala tikukutumikirani kwa zaka zambiri, tikukudziwitsani kuti chaka chino tipezekanso ku chionetsero cha zamalonda. Tili ndi katundu wapamwamba komanso wolimba pamitengo yabwino zedi. Bwerani nonse, musaphonye."

M'munsi mwake munali dzina la shopu katatu ndi manambala a foni awiri.

Sindinafune kuwatsutsa pamaso pa anyamata awo, ndiye ndinangoitana mayi amene amagulitsa mandasi pafupi ndi shopuyo. Ndinawawerengera akupitiriza kutembenuza mandasi m'chiwaya, poti wailesi anthu amamvera choncho, manja ali pa ntchito ina. Nditamaliza ndinawafunsa zinthu zitatu: mupite kuti, liti, mukakatani. Anaganiza kaye n'kunena kuti, "Kaya, koma zikumveka ngati za mipando." Amalume anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene waponda minga.

Tinayamba ndi chifukwa chopitira, poti mpamene panali ntchito yaikulu. Katundu wapamwamba aliyense amati ali naye, wogulitsa sopo, wogulitsa matayala. Munthu wa ku Chiradzulu kapena ku Lunzu sangalipire minibasi, n'kulipiranso pageti, chifukwa cha mawu amenewo. Ndinafunsa amalume chimene munthu angachipeze pa tenti yawo chimene sangachipeze atangowaimbira foni. Anayankha mtengo wotsika. Ndinafunsa kuti wotsika bwanji, anayamba kukanda m'mutu, chifukwa chitsulo chakwera ndipo akatsitsa kwambiri adya mpamba. Ndiye mmodzi wa anyamata aja, amene samayankhulayankhula, anati anthu akabwera pashopu sagula asanagwire chopukusira ndi dzanja lawo. Amafuna aone ngati chikulemera, ngati mayi wachikulire angachikwanitse, ngati sichikuphwanya maso a chimanga. Basitu. Chifukwa chake chinali chimenecho, ndipo sichidya ndalama: munthu abwere ndi chimanga chake chosatongola, adzapukuse yekha. Chake, osati chathu, kuti asamati mwasankha chouma bwino dala.

Apa amalume anatenthedwa, akuti tilembe kuti thumba lonse limatha pa mphindi 10. Ndinati tiyese kaye. Tinatenga chimanga cha kumunda kwawo, mnyamata n'kupukusa, ine ndili ndi wotchi ya pafoni. Ndowa imodzi inadzaza pa mphindi 6, ndipo thumba la makilogalamu 50 silidzaza ndi ndowa imodzi. Titaika china chimene chinali chisanaumitsitse, maso ena ankakanirira pa chitsononkho, mkono wa mnyamata n'kuyamba kutopa. Tikanalonjeza mphindi 10 pa wailesi, wina akanabwera ndi chimanga chachinyezi Loweruka masana, anthu ataunjikana, n'kutichititsa manyazi ndi wotchi yake. Nambalayo tinaisiya. Aliyense adzadziwerengera yekha.

Cha m'ma 10 ndinakwera minibasi kupita ku Chichiri kuti ndikaone malowo ndi maso. Amalume anali ndi pepala lolembedwa nambala ya malo awo ndipo amafuna nambalayo ilowe m'mawu. Koma nambala ya malo imathandiza amene wagwira mapu m'manja. Amene wamva pa wailesi akusenda mbatata sadzaikumbukira, ndipo ngakhale ataikumbukira, akalowa mkati muja mumakhala mahema, zikwangwani, masipika akulimbana, palibe amene amayenda akuwerenga manambala. Ndinaima pageti lalikulu ngati mlendo, n'kuyenda mpaka pamene pakhale amalume. Pali kudzanja lamanja, osati patali. Ndinawaimbira kuwafunsa mtundu wa tenti. Akuti abwereka yoyera. Ndinati zoyera zidzakhala zambirimbiri, kodi lona yachikasu ija mumafunditsa zitsulo ili kuti? Akuti ndi yakuda ndi girisi. Ndinati ichapidwe. Mawu a pa wailesi asankha mtundu wa tenti, osati tenti kusankha mawu, ndipo tsopano tadzimanga tokha: ikapanda kuchapika, tigula ina yachikasu.

Za dzina la malo tinakanganako pang'ono nditabwerera. Amalume amakonda "chionetsero cha zamalonda", akuti ndi Chichewa chaulemu. N'zoona, koma kondakitala simungamuuze kuti nditsika pa chionetsero. Aliyense amati ku Trade Fair. Ndinaonjezanso "ku Chichiri, mu Blantyre". Iwo amati ndani sadziwa, koma wailesi imafika kutali, ndipo ku Lilongwe nakonso kumachitika zionetsero. Mawu awiri amenewo ndi otchipa poyerekeza ndi munthu wosochera. Ndinaganizako zotchula msewu wa Masauko Chipembere ndi sitediyamu ya Kamuzu, koma amene akudziwa Chichiri safuna zimenezo, ndipo amene sakudziwa adzafunsa pa depoti.

Tsiku ndi limene limapusitsa anthu ambiri. Amalume ananena kuti tingoti "sabata yamawa". Lero n'zoona. Koma mawuwa ayamba kumveka Lolemba pa 19, pamene sabata yamawa idzakhala itasanduka sabata ino, ndipo womva Lachinayi adzaganiza kuti akadali ndi masiku ambiri, n'kufika ife titapasula. Mawu ojambulidwa sadziwa tsiku limene akumveka. Ndiye pamafunika dzina la tsiku, deti ndi mwezi, zonse pamodzi. Dzina la tsiku ndi limene munthu amakonzera ulendo, poti amadziwa kuti Loweruka kuli chinkhoswe, Lamulungu kuli tchalitchi. Deti limateteza kuti asasokoneze sabata. Chinanso, sitinatchule masiku onse a chionetsero. Amalume eni ake, amene amatha kufotokoza makinawo ndi kukambirana mtengo, adzakhalapo masiku atatu okha, ena onse adzasiya mnyamata. Tinalengeza atatuwo.

Ndiye kunabwera nkhani ya ulere. Iwo analemba kuti "zonse ndi zaulere". Ndinati amalume, pageti amalipiritsa, ndipo ndalamayo si yanu. Munthu akamva ulere n'kubwera ndi ya minibasi yokha, adzabwerera pageti akukutukwanani. Tinagwirizana kunena zonse ziwiri m'chiganizo chimodzi.

Cha m'ma 2 koloko pepala linali ndi mawu 80 ndi kanthu, ndipo nditawerenga ndi wotchi anatenga masekondi 44. Chichewa chili ndi vuto lake pa nkhani imeneyi. Mawu athu ndi aatali, liwu limodzi ngati "tikukudziwitsani" limatenga nthawi ya mawu atatu afupiafupi, ndiye kuwerenga kuchuluka kwa mawu kumanamiza. Ine ndimawerenga mokweza ndi wotchi basi, ndipo ndimasiya masekondi awiri apadera chifukwa wowerenga wabwino amapuma. Manambala nawonso amaoneka aafupi papepala, koma 25 pakamwa ndi wautali ngati "chosatongola". Foni ndiye inali yoyamba kuchoka: manambala 10 owerengedwa bwinobwino amadya masekondi 5 kapena 6, ndipo palibe amene amakhala ndi cholembera pafupi ndi mbaula. Moni wa makasitomala okondedwa anatsatira. Dzina la shopu linandivuta kwambiri, chifukwa amalume analipenta okha pakhoma zaka zapitazo. Ndinawauza kuti anthu sakulidziwa, ndipo tikufuna afike kaye pa tenti, dzinalo akaliwerenga pa chinsalu ndi pa timapepala tokhala ndi foni. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Chabwino mphwanga, koma chinsalucho chikhale chachikulu."

Zimene tinapita nazo ku situdiyo ndi izi. Poyamba phokoso la makina enieniwo, masekondi awiri, limene ndinajambula pashopu.

Mayi: Zala zatupa n'kutongola chimanga?
Bambo: Bwerani ndi chimanga chanu chosatongola, mudzapukuse nokha makina athu.
Mayi: Kuti?
Bambo: Ku Trade Fair, ku Chichiri, mu Blantyre. Mukalowa pageti lalikulu, funani tenti yachikasu kudzanja lamanja.
Mayi: Liti?
Bambo: Lachisanu pa 23 mpaka Lamulungu pa 25 Meyi, kuyambira 9 koloko m'mawa. Kupukusa sitilipiritsa, pageti pokha ndiye mulipira.
Mayi: Chichiri, tenti yachikasu, 23 mpaka 25 Meyi!

Mawu 55. Mafunso a mayiwo, kuti ndi liti, ndinawaika dala: amadzutsa khutu kuti chimene chikubwerachi n'chofunika kuchisunga. Mzere womaliza ndi wa amene watsegula wailesi pakatikati.

Ku situdiyo tinadikira magetsi ola lathunthu. Atayaka, mnyamata uja anaika nyimbo yamphamvu pansi pa mawu, yokoma ndithu, koma pa sipika yake yaikulu yokha. Ndinamupempha atumize pafoni yanga yaing'ono ija, timvere panja pamsewu. Ng'oma inameza "23" yense. Anatsitsa nyimbo, ndipo pa mzere wa tsiku anaichotseratu. Wowerenga wamwamuna naye ankathamanga pa deti ngati akuthawa galu, n'kumakokera mawu pa "makina athu". Tinabwereza kanayi. Komaliza zinakwana masekondi 30 ndendende, phokoso la makina lili momwemo.

Pobwerera ndinapeza mayi a mandasi akulongedza. Ndinawaseweretsa kamodzi kokha, beseni lili pamutu. Kuti? "Ku Trade Fair, tenti yachikasu." Liti? "Lachisanu mpaka Lamulungu, sabata ya pa 23." Mukakatani? "Kukapukusa chimanga. Koma ndibwere nacho chochuluka bwanji?"

Limenelo sitinaliganizire. Wina atha kubwera ndi thumba lonse kuti timutongolere mwaulere, mzere n'kuima. Kujambulanso n'kosatheka, mnyamata wa situdiyo wanyamuka kale. Amalume akuti alemba pa katoni kuti aliyense zitsononkho 10, ayikhomere pa mtengo wa tenti. Lona ija ainyika m'mgolo ndi sopo waufa usiku uno.