Pomwe ndafika ndi -mene ndi -omwe: dzina likakhala ndi mnzake pakati

M'kope langa la malamulo a Chichewa ndafika pa nthambi yamfotokozi, ija imayamba ndi -mene kapena -omwe. Lamulo lake n'lalifupi: mgwirizanitsi amene timamuphatikiza ku -mene amachokera ku gulu la dzina limene tikulifotokozalo. Tikati "chimanga chimene amayi agula chafumbwa", wogula ndi amayi, koma chi- watsata chimanga, dzina la m'gulu la Chi-Zi. Ophunzira chinenerochi amalemba "chimanga amene amayi agula" chifukwa maso awo athamangira kwa wochita ntchitoyo.

Pamene pandikoka mtima kwambiri ndi pomwe maina awiri alumikizidwa ndi cha, wa kapena la. Taonani ziganizo izi:

Chitseko cha nyumba chimene chagwa ndi chamalata.
Chitseko cha nyumba imene yagwa ndi chamalata.

M'chiganizo choyamba chagwa ndi chitseko, nyumba ili chilili. M'chachiwiri yagwa ndi nyumba yonse. Dzina loyandikana ndi -mene ndi lomwelo, nyumba, ndiye kuyandikana si kumene kukulamula. Chikulamula ndi chimene wolankhula akufuna kufotokoza. Poyesa ngati zili bwino, ndimayang'ana malo awiri. M'kati mwa nthambi, mwini nkhani akakhala dzina lomwelo, mneni ayenera kuyenda ndi -mene: chimene chagwa, imene yagwa. Mukaona "chimene yagwa", dziwani kuti wolemba wasintha dzina ali pakati panjira. Kenako ndimachotsa nthambi yonse: "Chitseko cha nyumba ndi chamalata." Chotsalacho chiyenera kuima pachokha.

Njirayi imagwira pokhapokha maina awiriwo akakhala a magulu osiyana. "Mwana wa mphunzitsi amene wadwala" sizikuuza amene wadwala, poti onse ndi a Mu-A. Apa -mene alibe chothandiza, chiganizo chimangofunika kuchiumbanso.

Ubwino wa -omwe ndi woti amalekanitsa mmodzi ndi ambiri m'gulu la Mu-A: mwana yemwe, ana omwe, pomwe amene amakwana ponseponse. Koma tikamalemekeza timati agogo omwe abwera, ngakhale ali amodzi. Galu, fodya ndi katundu nawo amatenga amene kapena yemwe, ngakhale sayamba ndi mu-.

Maina a I-Zi sasintha pochulukitsa, choncho mgwirizanitsi ndiye amaulula chiwerengero: mbuzi imene yasowa ndi imodzi, mbuzi zimene zasowa ndi zingapo.

Malo amapotoza zinthu pang'ono. Timati mudzi umene, koma kumudzi kumene ndinabadwira; nyumba imene, koma m'nyumba momwe timagona. Ku-, pa- kapena mu- akangobwera patsogolo pa dzina, nthawi zambiri mgwirizano umatsata malowo.

Chotsatira m'kopemu ndi nthambi zopanda -mene, monga "mbuzi mwagulayo yawonda", pamene -yo wa kumapeto akutsatabe mbuzi.