Agogo, mdzukulu ndi chiwaya cha khofi

Ndafika kunyumba ku Mufakose, mumzinda wa Harare, ndapeza utsi uli tolotolo pakhonde, amayi akhazika mwana wanga pafupi ndi mbaula, akukazinga khofi wa ku Chipinge, dera lolimidwa khofi ku Zimbabwe. Mwana amafuna moto wa malawi. Agogo ake akuti, "Iwe, dikira makala ayambe ayera phulusa. Moto ukachuluka khofi amapserera kunja, mkati ali wamuwisi." Athira njere zongokwana kuphimba pansi pa chiwaya, amupatsa mthiko, akuti dzanja lisaime.

Njere zinayamba zobiriwira, kenako zachikasu, kenako zofiirira. Patatha mphindi ngati 10 zayamba kuthetheka ngati mbuliuli, mwana kufuna kuthawa! Amayi akuti apa mpoyambira kutchera khutu, chifukwa zikathethekanso kachiwiri, mwakachetechete, n'kuyamba kunyezimira mafuta, ndiye kuti kuwawa kwalowa. Aphula msanga, akhuthulira m'lichero, n'kumapeta kuti mankhusu achoke, njerenso zizizire, poti zikakhala m'chiwaya chotentha zimapitiriza kupsa.

Chandisangalatsa n'chakuti sanamulande mthiko ngakhale mbali ina itada. Angoswa njere imodzi, amuonetsa mkati. Koma kumwa atikaniza, akuti tisinja mkuja fungo likakhazikika.