Intigiro ya e^(-x²) ikakana, timatani nayo?

Pali ma intigiro ena oti olo mutachezera nawo usiku wonse simungawalembe ndi ma fankishoni wamba timadziwa aja, ma polinomiyo, sin, cos, ln, e^x ndi anzawo. Yotchuka kwambiri ndi ∫ e^(-x²) dx. Mukayesa sabusitichushoni u = -x² mupeza du = -2x dx koma x yoti muyigwiritse palibe, mukayesa kuyiduladula m'mapati zimangokulirakulira. Koma ingoyikani x kutsogolo, ∫ x·e^(-x²) dx, yankho pompo ndi -½e^(-x²) + C. Kusiyana kwake ka x kamodzi basi!

Chomwe chandisangalatsa ine n'choti pali njira yodziwira kuti yakanadi, osangoti tatopa nayo. Joseph Liouville anasonyeza m'zaka za m'ma 1830 kuti ∫ f·e^g dx, pomwe f ndi g ndi ma fulakishoni a ma polinomiyo ndipo g ili ndi x, imatheka pokhapokha patapezeka fulakishoni ina R yoti f = R' + R·g'. Kwathu kuno f = 1, g' = -2x, ndiye tikufuna 1 = R' - 2xR. Tiyese R akhale polinomiyo wa digiri n, ndiye 2xR akhala wa digiri n + 1, R' ndi wotsika sangamuphe, mbali yakumanja izikhalabe ndi x pomwe kumanzere kuli 1 yekha. R akakhala ndi x pansi napo ndi zomwezo, malo omwe R amaphulika R' amaphulika kuposa apo ndipo palibe womuchotsa. Ndiye R kulibe, nkhani yatha. Anzake okana ndi sin(x)/x, e^x/x komanso 1/ln(x), mukawaona musavutike nawo.

Koma eliya yake ilipo ndithu. Anthu anangoyipatsa dzina, erf(x) = (2/√π) ∫₀ˣ e^(-t²) dt, ndipo kulemba yankho ngati (√π/2)·erf(x) + C ndi zololedwa bwinobwino.

Mukafuna nambala, tinene kuchoka pa 0 kufika pa 1, ine ndimakonda siriizi. Tengani ya e^u, ikani u = -x², mupeza 1 - x² + x⁴/2 - x⁶/6 + ... ndiye chitani intigiro kachidutswa kalikonse pakokha, zituluka 1 - 1/3 + 1/10 - 1/42 + 1/216 - 1/1320 + ... Mukaphatikiza zisanu zoyambazo mupeza 0.7475, ndipo poti zizindikiro zikusinthana komanso tizidutswato tikucheperachepera, kuphonya kwanu sikuposa kotsatirako, 1/1320, pafupifupi 0.0008. Yankho lenileni ndi pafupifupi 0.7468, ndiye zagwirizana.

Chenjerani malire akapita patali, monga kufika pa 5, tizidutswa timayamba takula kaye kwambiri tisanayambe kuchepa ndipo mudzaphatikiza mpaka dzanja kuwawa. Apo bola lamulo la Simpson kapena kungoitana erf pa kompyuta.